Kulowa Chipinda Choyamba cha Lendi: Zoti Muone ndi Zoti Mugwirizane Musanalipire

Kabukuka ndi ka mnyamata kapena mtsikana amene wapeza ntchito, ganyu yokhazikika kapena malo a sukulu m'tauni, ndipo nthawi yochoka pakhomo pa makolo kukayamba kudziphikira yakwana. Ndi kanunso makolo, amalume ndi azakhali amene mukumuperekeza mwanayo. Tikamba za chipinda chimodzi cha pamdadada, ngati zimene zadzaza ku Ndirande, Bangwe, Chilobwe ndi Mbayani ku Blantyre, ku Mtandire, Chinsapo, Kawale ndi Area 25 ku Lilongwe, kapena ku Chibavi ndi Mchengautuba ku Mzuzu. Pamalo otere mabanja anayi kapena asanu amagwiritsa ntchito bafa limodzi, chimbudzi chimodzi, mpopi umodzi ndi mita imodzi ya magetsi.

Mtima umadumpha mukaganiza zokhala ndi kiyi wanuwanu, komanso kamantha kamabwera mukakumbukira kuti mchere ukatha palibenso woti mumuuze. Zonsezo n'zachibadwa. Koma chisangalalocho n'chimene chimachititsa ambiri kupereka ndalama tsiku lomwelo aona chipinda, asanafunse kanthu. Mavuto ambiri a pa lendi amayambira pa zinthu zimene sizinaonedwe kapena kukambidwa ndalama isanatuluke m'thumba. Ndalama ikangolowa m'manja mwa eni nyumba, mphamvu yanu yokambirana imachepa kwambiri.

Kawoneni chipindacho kawiri

Kawoneni masana, kenako mubwerereko madzulo kukuda. Masana mumaona khoma ndi denga. Madzulo mumaona anthu ake: ngati pali bala kapena shabini pafupi, ngati njira yochokera pasiteji ili ndi mdima woopsa, ngati mpopi ukutulutsa madzi pa nthawi imene aliyense akufuna kutunga. Musapite nokha. Tengani wachibale kapena mnzanu amene wakhalapo pa lendi, chifukwa iye maso ake sakhala pa kukongola kwa penti.

Mukalowa, tsekani chitseko ndi windo, muyang'ane kumwamba. Ngati mulibe siling'i, timabowo ta m'malata timaoneka ngati timadontho ta kuwala, ndipo paliponse pamene kuwala kwalowa, mvula idzalowanso. Ngati muli siling'i, funani madontho achikasu kapena pamene bolodi yafufuma. Ambiri amafuna nyumba m'chilimwe, mu Ogasiti kapena Seputembala, denga lililonse likuoneka labwino, n'kudzadziwa zoona mu Disembala matiresi atanyowa.

Kenako gwadani muone m'munsi mwa khoma. Mzere wakuda kapena wobiriwira umene wazungulira chipinda, pulasitala wofumbutuka mukamukanda ndi chala, ndi fungo la chuku, zikutanthauza kuti chinyontho chimakwera kuchokera pansi. Penti watsopano wopakidwa m'munsi mokha akuuzani zomwezo. Chipinda chotere chimaoletsa ufa ndi zovala, ndipo munthu wa mphumu samapezamo bwino. Tulukaninso panja muone ngati pansi pa chipinda m'pokwera kuposa bwalo, ndiponso kumene madzi a mvula amalowera. Ku Blantyre, mutaona zimene namondwe Freddy anachita mu Malichi 2023 ku Chilobwe ndi m'mbali mwa phiri la Soche, musalole kutsika mtengo kukukokereni m'chipinda chomangidwa m'khwawa, m'mphepete mwa mtsinje kapena pamtsetse pansi pa miyala. Funsani oyandikana nawo kuti madzi anafika pati chaka chatha. Iwo amanena zoona kuposa wofuna kukulowetsani.

Chitseko chigwedezeni. Loko wamkulu pa felemu yodyedwa ndi chiswe sateteza kanthu, wakuba amangokankha ndi phewa. Onani ngati mahinjesi ali olimba, ngati mkati muli chokhomera, ndiponso ngati pawindo pali zitsulo. Yang'anani m'ming'alu ya khoma ndi m'mbali mwa felemu: timadontho takuda tothithikana ndi ndowe za nsikidzi. Zikakhalapo, pemphani kuti chipinda chipoperedwe mankhwala ndipo ming'alu imatidwe musanalowetse matiresi anu, chifukwa zikalowa m'matiresi kuzichotsa ndi ntchito yaikulu.

Ku chimbudzi musachite manyazi, lowaniko. Onani ngati chatsala pang'ono kudzaza, ngati silabu yake ili yolimba, ngati chitseko chimatsekeka, ndipo werengani anthu ochigwiritsa ntchito. Ngati madzi akumwa ndi a pachitsime cha pabwalo, chitsimecho chiyenera kutalikirana ndi chimbudzi pafupifupi mamita 30 ndipo chisakhale kumunsi kwake. M'makomboni ambiri malo otere palibe, choncho madzi a pachitsime muziwathira kulorini kapena kuwawiritsa. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 inavuta kwambiri m'madera othithikana ngati amenewa. Atsikana makamaka aone kutalika kwa njira yochokera pachipinda kupita kubafa ndi kuchimbudzi, poti njira imeneyo adzayenda usiku.

Dobadoba ndi mwini nyumba weniweni

Zipinda zambiri zimapezeka kudzera mwa adobadoba. Ena amathandizadi. Koma dobadoba si mwini nyumba, ndipo ndalama ya lendi isadutse m'manja mwake. Chinyengo chofala chimayenda chonchi: munthu akukuonetsani chipinda chopanda anthu, kapena chithunzi chabe pa foni, akuti ofuna ndi ambiri, tumizani kangachepe kogwirira malo. Mukatumiza, foni yake siyipezekanso, kapena mukafika ndi katundu mupeza wina walowa kale. Gwirizanani malipiro a dobadoba musananyamuke, ndipo mumupatse pokhapokha mwakumana ndi mwini nyumba maso ndi maso. Ngati alandilodi amakhala kutali ndipo pali wowayang'anira malo, lankhulani nawo eni akewo pa foni, ndipo mufunse matenanti ena kuti lendi amapereka kwa yani. Safunsa anadya phula.

Funso lina lofunika kufunsa matenanti anzanu ndi lakuti: amene anali m'chipinda chino anatulukiranji? Yankho lake limakuuzani za khalidwe la alandilodi kuposa china chilichonse.

Lendi yotchipa imene ili yodula

Musayerekeze lendi ndi lendi pokha. Phatikizanipo thiransipoti. Tiyerekeze ndi manambala ongopangira chitsanzo, poti mitengo imasintha mwezi ndi mwezi. Chipinda china ndi K40,000 pamwezi koma kuntchito mukwera minibasi ya K1,500 popita ndi K1,500 pobwera. Pa masiku 26 ogwira ntchito, thiransipoti yakwana K78,000, ndiye kuti chipindacho chikukudyerani K118,000. China ndi K65,000 koma kuntchito mumafika wapansi. Chachiwirichi n'chotchipa ndi K53,000, ngakhale chimamveka chodula pochitchula. Mafuta akasowa kapena akakwera mtengo, wokhala kutali ndiye amalira koyamba.

Lendi yabwino ndi imene mungailipire ngakhale mwezi umene zinthu sizinayende. Ngati lendi ndi thiransipoti pamodzi zikumeza theka la malipiro anu, mudzayamba kukongola chakudya pa okala sabata yachitatu, ndipo kuchoka apo njira yopita kwa akatapila ndi yaifupi. Ndi bwino kuyamba ndi chipinda chaching'ono, kapena kugawana ndi mnzanu wodalirika, n'kudzasamuka mukakhazikika.

Zolemba m'kope

Pamdadada anthu ambiri salemberana kanthu, amangogwirizana pakamwa. Pakamwa pamaiwalika, makamaka pa tsiku lotuluka. Gulani kope laling'ono, ndipo pa tsamba loyamba mulembe zimene mwagwirizana, inu ndi alandilodi musayinire, mboni imodzi kapena ziwiri zisayinirenso. Jambulani tsambalo pa foni. Alandilodi ena amaona ngati mukuwakayikira. Alankhuleni mwaulemu: "Bambo, ndine mwana, ndimaiwala. Ndimati tilembe kuti ndisadzakulakwireni." Munthu wachilungamo sakana zimenezi.

Choyamba kulemba ndi lendi ndi tsiku lolipira. Ngati malipiro anu amabwera pa 28 kapena kuchedwerapo, pemphani kuti tsiku lolipira likhale pa 5 mwezi wotsatira, osati pa 1, kuti musamakhale wopepesa mwezi uliwonse.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene ambiri amataya ndalama, ndi tanthauzo la ndalama yolowera. Eni nyumba ambiri amafuna miyezi iwiri kapena itatu nthawi imodzi. Funsani momveka: kodi yonseyi ndi lendi yolipiriratu, kapena mwezi umodzi ndi chikole cha zowonongeka? Kusiyana kwake n'kwakukulu. Mukapereka K150,000 pa chipinda cha K50,000 polowa pa 1 Juni, ngati yonse ndi lendi, mudzalipiranso pa 1 Seputembala. Ngati K50,000 ndi chikole, mudzalipira pa 1 Ogasiti, ndipo chikolecho chiyenera kudzabwezedwa potuluka, kapena kukhala lendi ya mwezi womaliza. Lembani chimene mwagwirizana. Jambulaninso galasi losweka, mng'alu wa pakhoma ndi soketi yothyoka tsiku lolowa, alandilodi akuona, kuti zisadzadulidwe pa chikole chanu.

Chachitatu ndi notisi. Nthawi zambiri pa lendi ya mwezi ndi mwezi anthu amapatsana mwezi umodzi, kaya ndinu mukufuna kutuluka kaya ndi iwo akufuna chipinda chawo. Lembaninso kuti lendi ikafuna kukwera akuuzeni nthawi ikadalipo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zinthu zambiri zinakwera mtengo, ndipo wokhala pa lendi wopanda pangano lolemba amangouzidwa mtengo watsopano pakhomo m'mawa.

Zotsalazo n'zazifupi koma zifunseni: amakonza ndani denga likadontha kapena chimbudzi chikadzaza, geti imatsekedwa nthawi yanji, alendo ogona amaloledwa masiku angati. Mukakonza chinthu ndi ndalama yanu kuti mudzadule pa lendi, gwirizanani musanagule simenti. Polipira, tumizani pa Airtel Money kapena TNM Mpamba ku nambala ya alandilodi eni ake ndipo uthengawo musaufufute. Ngati mwapereka pamanja, asayinire m'kope nthawi yomweyo.

Mayunitsi a magetsi: pamene mdadada umayambanirana

Nkhani iyi tiyikhalire pansi, chifukwa ndi imene imadanitsa anthu okhala khoma limodzi. Mita ya ESCOM yolipiriratu imakhala imodzi pamdadada wonse. Wina amasonkhetsa ndalama, amagula mayunitsi, n'kulowetsa manambala 20 a tokeni mu mita. Mayunitsi akatha magetsi amazima kwa aliyense, wophikira pa hotipuleti ndi wongotchaja foni chimodzimodzi.

Kuti mudziwe ngati mukusonkha mwachilungamo, dziwani kuwerenga. Chipangizo chilichonse chili ndi nambala ya mawati yolembedwa pansi kapena kumbuyo kwake, yotsatana ndi chilembo W. Chipangizo cha mawati 1,000 chikayaka ola limodzi chimadya yunitsi imodzi. Ndiye tengani mawati, chulukitsani ndi maola amene chimayaka patsiku, chulukitsaninso ndi masiku 30, kenako gawani ndi 1,000. Zimene mwapezazo ndi mayunitsi a pamwezi.

Tiyeni tiwerengere mdadada wa zipinda zinayi. Inu mwangolowa kumene, muli ndi mababu awiri osadya magetsi a mawati 9, oyaka maola 5 patsiku. Awiriwo pamodzi sakwana mayunitsi 3 pamwezi. Kutchaja foni sikukwana yunitsi imodzi. Ayironi ya mawati 1,000 yosita theka la ola pa sabata imadya mayunitsi 2. Zonse pamodzi tinene mayunitsi 6. M'chipinda chachiwiri muli banja lophikira pa hotipuleti ya mawati 1,500 maola 2 patsiku, omwe ndi mayunitsi 3 tsiku lililonse, 90 pamwezi, kuphatikiza mababu tinene 93. Tsiku lophika nyemba amadya oposa apo. Chachitatu chili ndi kafiliji kamene kamadya pafupifupi yunitsi imodzi patsiku, wailesi yakanema ndi mababu, tinene 42. Chachinayi chili ndi kanema ndi mababu okha, tinene 15. Mdadada wonse wadya mayunitsi 156.

Mukagawana mofanana, chipinda chilichonse chilipira mayunitsi 39. Inu amene mwagwiritsa ntchito 6 mukulipira kuposa kasanu ndi kamodzi zimene mwadya, ndipo mukuphikitsa nsima ya khomo lina mwezi ndi mwezi. Kumbali inayo, inu mukadzagula hotipuleti kapena ketulo mwakachetechete, anzanu adzazindikira sabata yomweyo poona mmene mayunitsi akuthera, ndipo ubale udzaonongeka.

Njira zothetsera zilipo zitatu. Ena amagwirizana kuti pamdadada pasakhale zophikira kapena zotenthetsera madzi za magetsi, ndipo zikatero kugawana mofanana kumayandikira chilungamo. Ena amasonkha motengera zipangizo, wa hotipuleti ndi wa filiji n'kumapereka zambiri. Njira yodula koma yothetseratu mkangano ndi kamita kakang'ono ka chipinda chilichonse, koikidwa ndi amisiri a magetsi ovomerezeka, alandilodi atalola, kuti aliyense azilipira zimene kamita kake kawerenga. Funsani njira imene ikutsatidwa musanalowe. Pemphaninso kuti wogula mayunitsi azionetsa uthenga wa tokeni kwa onse, poti umasonyeza ndalama ndi mayunitsi amene agulidwa.

Mukapeza mdadada umene akuti magetsi ndi aulere kapena satha, chenjerani. Mwina waya walambalala mita. Umenewo ndi mlandu, ndipo akadzadula magetsi mudzakhala mumdima nonse. Soketi yakuda ndi utsi, waya wolumikiza ndi pulasitiki ya shuga, ndi switchi yotentha mukaikhudza, ndi zizindikiro za moto umene ukubwera.

Madzi amayenda chimodzimodzi. Ngati mpopi ndi wa bilu ya Lilongwe Water Board, Blantyre Water Board kapena Northern Region Water Board, funsani ngati amagawa pa khomo kapena pa mutu, poti inu nokha simungalipire mofanana ndi banja la anthu asanu ndi awiri lochapa matewera tsiku lililonse. Funsaninso kuona bilu yomaliza, mungalowe pa ngongole ya anthu amene anatuluka kalekale. Ngati madzi ndi a pa kiyosiki, dziwani nthawi yotsegula ndi yotseka, ndipo mukhale ndi zigubu ziwiri za malita 20, china chikhale chodzaza nthawi zonse.

Katundu woyambira

Musathere ndalama pa mipando. Mwezi woyamba mukufunika pogona, pophikira ndi potungira: matiresi kapena mphasa, bulangete, neti ya udzudzu, mbaula, mapoto awiri, mthiko ndi chipande, mbale, kapu, ndowa, beseni, ndi tochi ya tsiku lozima magetsi. Neti ipachikeni usiku woyamba womwewo, malungo sayembekezera kuti mukhazikike. Matiresi musawagoneke pasimenti penipeni, yalani mphasa kapena makatoni pansi pake ndipo muziwaimika m'mawa kuti apume. Ufa ukhale m'ndowa yotseka, pamwamba pa njerwa, kutali ndi khoma. Ngati amayi akupatsani thumba la ufa, nyemba ndi poto wakale, landirani ndi manja awiri. Kugula ufa wa timapepala tsiku ndi tsiku kumadula kwambiri kuposa kukhala ndi wanu.

Loko gulani wanu watsopano tsiku lolowa, ngakhale pachitseko pali wina. Simudziwa kuti makiyi a loko wakaleyo ali ndi anthu angati. Kiyi wapadera musiyeni kwa wachibale, osati pansi pa mwala wa pakhomo.

Mbaula isagone m'chipinda

Apa tikupemphani kuti mumvetsetse, chifukwa ndi nkhani ya moyo. Kwanu khitchini inali panja kapena mbali ina ya nyumba. Pa lendi chipinda chomwecho ndi chogona, chochezera ndi chophikira, ndipo m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi mtima umafuna kulowetsa mbaula n'kutseka chitseko kuti mufundidwe. Makala oyaka amatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa kaboni monokisaidi. Mpweyawu suoneka, sununkha, ndipo umatuluka ngakhale makala afiira bwino popanda utsi. Ukalowa m'magazi umalanda malo a mpweya wabwino. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, kenako tulo. Wogona kale samva chilichonse, ndipo anthu amapezeka atafa m'mawa chitseko chili chokhoma.

Phikirani pakhonde. Mvula ikakukakamizani kulowa, chitseko ndi windo zikhale zotsegula mpaka mutamaliza, kenako mbaula ituluke, makala muwazimitsire panja. Mukamva mutu ndi chizungulire mbaula ili mkati, tulukani msanga. Mukapeza mnzanu atakomoka m'chipinda chotere, tsegulani zonse, mutulutseni panja, ndipo muthamange naye kuchipatala ngakhale atatsitsimuka. Kandulo nayonso izimitsidwe musanagone, ndipo isayandikire neti kapena katani.

Anthu a pamdadada

Tsiku lolowa gogodani khomo lililonse mudzidziwitse. "Odi, amayi, ndine wachilendo m'chipinda chakumapetochi." Funsani tsiku lanu losesa pabwalo ndi kutsuka bafa ndi chimbudzi, ndipo musalidumphe, poti wokhala yekha akamathawa zimenezi amatchuka msanga. Mayi amene amakhala pakhomo masana ndiye adzakuanulirani zovala mvula ikagwa, ndiye adzaona munthu wachilendo akuyesa loko wanu. Pemphani alandilodi akuonetseni kwa amfumu kapena wapampando wa dera, ndipo kukagwa maliro musonkhe nawo ndi kukaonekera, ngakhale kwa ola limodzi. Zimenezi m'tauni zimawerengedwa monga kumudzi.

Komabe musaulule zonse. Malipiro anu, kumene mumasunga ndalama ndi masiku amene mudzachokepo si nkhani za pampopi. Achibale ndi anzanu akamva kuti muli ndi chipinda adzabwera, ena kudzaona, ena kudzagona "masiku awiri okha". Nenani poyambirira kuti akhala mpaka liti, chifukwa ufa wa munthu mmodzi sukwanira atatu, ndipo alandilodi amawerenga mitu pogawa bilu ya madzi.

Masiku oyamba tulo timavuta. Malata amalira akamazizira, khoswe amathamanga pamtanda, mawu a khomo lina amamveka ngati ali m'chipinda mwanu. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri khutu limazolowera. Sungani mu foni nambala ya alandilodi, ya woyandikana naye mmodzi ndi ya polisi yapafupi, ndipo muzilembenso m'kope lija poti foni imatha moto kapena kubedwa. Makolo, kapena wachibale wamkulu wokhala m'tauni momwemo, abwere adzaone khomo lenilenilo ndi kupatsana moni ndi alandilodi sabata yoyamba, kuti tsiku lina mukadzadwala usiku adzadziwe njira yofikira popanda kufunsa.